Musayerekeze malipiro a boma ndi a kampani musanawerengere bwino

Ndagwira ntchito yokonza malipiro a antchito kuno ku Joni kwa zaka zambiri, ndipo ndatopa kumva abale athu akunena kuti akana ntchito ya boma chifukwa kampani yalonjeza ndalama zambiri, pamene ziwerengero ziwiri zomwe akuyerekezazo sizikunena chinthu chimodzi. Makampani ambiri a kuno amalemba pa kalata ndalama zonse zomwe adzawononge pa inu, zomwe zimalembedwa kuti CTC, ndipo penshoni, sikimu ya chipatala, nthawi zina ngakhale bonasi, zimachokera m'ndalama zomwezo. Pa maudindo apansi ndi apakati, boma limalemba malipiro okha, zinazo limawonjezera pamwamba.

Nkhani yomwe imandiwawabe ndi ya mayi wina wa ku Rosettenville, wa ana awiri, yemwe ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale. Dipatimenti ina ya boma la Gauteng inamupatsa ntchito yokhazikika ya R25 000 pa mwezi, ndipo kampani ina ya ku Sandton inamulonjeza R34 000 ya CTC. Iye anaona kusiyana kwa R9 000 n'kusaina ku kampani osafunsa aliyense. Akanabwera ndi makalata onse awiri, tikanawerengera limodzi motere. Boma limaponya 13% ya malipiro ku thumba la penshoni la GEPF, yomwe kwa iye ikanakhala R3 250 pa mwezi, iye n'kumaponya 7.5%. Limaperekanso bonasi yofanana ndi malipiro a mwezi umodzi pa chaka, yomwe mukaigawa pa miyezi 12 imapitirira pang'ono R2 000. Apa tadutsa kale R30 000, tisanawonjezere ndalama ya nyumba ndi thandizo la sikimu ya chipatala ya GEMS, lomwe limakula malinga ndi anthu omwe mwalembetsa. Kwa banja la anthu atatu, kusiyana kuja kukanatsala kochepa kwambiri. Komanso penshoni ya GEPF imawerengedwa potengera zaka zomwe mwagwira ndi malipiro anu omaliza, pamene ya makampani ambiri imadalira mmene ndalama zanu zapindulira pa msika.

Patadutsa chaka ndi miyezi ingapo, kampaniyo inataya kasitomala wake wamkulu n'kuyamba kuchepetsa antchito. Lamulo limangokakamiza bwana kupereka malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chomwe mwagwira, choncho mayiyo analandira ndalama yosafika R8 000, kuwonjezera pa za notisi ndi za masiku a tchuthi. Ku UIF, thumba lothandiza anthu omwe ntchito yawathera, nako sikunamuthandize mokwanira, chifukwa amawerengera malipiro mpaka R17 712 basi, ndipo munthu wa malipiro ngati akewo salandira ngakhale R7 000 pa mwezi. Anakhala pa tebulo langa ali ndi envelopu ya kalata za lendi ndi fizi, akufunsa ngati malo a boma aja akadalipo. Anali atapatsidwa kale munthu wina.

Sindikunena kuti ntchito ya kampani ndi yoipa. Ngati mwawerengera zonse ndipo kusiyana kukadali kwakukulu moti mungathe kumasunga padera mwezi ndi mwezi mpaka ndalama zokwana kudyetsa banja kwa theka la chaka, ndipo kalatayo ikusonyeza kuti yakulembani ndi kampani yeniyeniyo osati ejenti wobwereketsa antchito, itengeni, makamaka ngati mukadali wachinyamata ndipo luso lanu likufunidwa.

Koma kwa ife obwera pali mbuna ina yomwe ambiri saiona. Lamulo la ntchito za boma limalola kulemba mokhazikika nzika za dziko lino ndi okhala ndi chilolezo cha mpaka kalekale okha. Ngati muli ndi viza ya ntchito, chomwe boma lingakupatseni ndi kontrakiti yokhala ndi tsiku lothera, ndipo kukhazikika komwe mukukulipira povomera malipiro ochepa kulibe. Yang'anani tsiku limenelo pa kalata musanayambe kuwerengera za penshoni.

Ndiye pali akathyali omwe amazungulira m'magulu athu a pa WhatsApp, n'kumati ali ndi wachibale ku dipatimenti ndipo mukalipira adzakulowetsani. Fomu ya Z83 yofunsira ntchito ya boma ndi yaulere, ndipo palibe malo a boma omwe amagulidwa mwalamulo. Ndaona anthu akusiya ntchito yabwino atangoimbiridwa foni ndi anthu oterewa. Musapereke notisi musanagwire kalata yosainidwa, ndipo muimbire ofesi yolemba antchito ya dipatimentiyo pa nambala yomwe mwaipeza nokha. Ngati mwachotsedwa kale ntchito ndipo mukuona kuti sanatsate ndondomeko, muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana, ndipo ambiri amafika kwa ine masikuwo atatha, akudikirabe kuti bwana asinthe maganizo.