RSI ikadutsa 70 si ndiye kuti mtengo wayamba kugwa

Pali mawu amene amveka kwambiri pakati pa achinyamata ochita malonda a foleksi pa foni, kuyambira ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula, ndipo atopetsa. Munthu amatsegula tchati, n'kuona RSI, chida choyeza liwiro la kukwera ndi kutsika kwa mtengo, yafika 74, nthawi yomweyo wadina Sell, kubetcha kuti mtengo utsika. Mukamufunsa chifukwa, akuti msika wakwera mopyola, ndiye uyenera kutsika basi. Uyenera kutsika chifukwa cha lamulo la ndani? RSI ilibe mphamvu iliyonse pa mtengo, ndipo anthu amene akugula madola mamiliyoni ku London kapena ku Tokyo sakudziwa n'komwe kuti foni yanu yalemba 74.

Chida chimenechi anachipanga J. Welles Wilder, n'kuchifalitsa mu 1978. Chimaona makandulo 14 omaliza, timabokosi ta pa tchati tosonyeza mmene mtengo wayendera pa nthawi iliyonse, n'kuyerekeza avereji ya kukwera ndi avereji ya kutsika. Masamu ake ndi awa:

```
RS  = avereji ya kukwera / avereji ya kutsika
RSI = 100 - 100 / (1 + RS)
```

Yang'anitsitsani bwino. Mulibemo chilichonse chonena kuti mtengo ndi wodula kapena wotchipa. Mulibemo chiwongoladzanja cha mabanki, mulibemo nkhani za chuma, mulibemo mawa. Muli zimene zachitika kale basi. RSI ya 70 ikutanthauza kuti m'makandulo apitawa kukwera kwaposa kutsika kawiri ndi pang'ono, 2.33 tikawerengetsa. RSI ya 80 ndiye kuti kwaposa kanayi, ya 90 kasanu n'kanayi. Choncho tchati kapena uthenga wa pa gulu ukalemba kuti overbought, chimene chanenedwa n'chakuti ogula akhala amphamvu kuposa ogulitsa posachedwapa. Nanga msika umene ukukweradi mwamphamvu ungaoneke bwanji ngati si choncho? N'kovuta kuti mtengo uyende ulendo wautali wokwera mwamphamvu RSI yake osadutsa 70, ndipo kawirikawiri imadutsa ulendowo utangoyamba kumene.

Aliyense wa kuno amadziwa kuti madzi akayamba kukwera msanga pa Chiromo, pamene Ruo amathira m'Shire, sunganene kuti poti akwera msanga ndiye kuti atsala pang'ono kuphwera. Chimene chimalamula ndi mvula imene ikugwa ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ngati ikugwabe, madzi akubwerabe. RSI ili ngati kuyeza liwiro la kukwera kwa madziwo, koma za mvula ya kumtunda siidziwa kanthu.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amathawa. Tinene kuti pa tchati cha tsiku ndi tsiku avereji ya kukwera ndi 0.60, ya kutsika ndi 0.20. RS ndi 3, RSI ndi 75. Wilder sankayamba kuwerenga mwatsopano tsiku lililonse. Ankatenga avereji yakale, n'kuichulukitsa ndi 13, kuwonjezera za lero, n'kugawa ndi 14. Mawa lake mtengo ukakwera ndi 0.50, avereji ya kukwera imakhala 0.593, ya kutsika 0.186, ndipo RSI imafika 76. Mtengo wayenda ndithu, RSI yangosuntha ndi 1. Chifukwa chake n'chakuti RSI ili ndi denga pa 100, pamene mtengo ulibe denga. Mtengo ukhoza kupitirira kukwera milungu ingapo RSI ikungozungulira pakati pa 72 ndi 82, ndipo wogulitsa uja tsiku lililonse akuona nambala yomweyo imene inamunyenga, n'kumadzilimbitsa mtima kuti lero ndiye lero.

Palinso china chimene aphunzitsi a pa magulu satchula. RSI ikhoza kutsika mtengo osatsika. Tibwerere pa 75 paja. Mtengo ukangoima, lero kukwera ndi 0.30, mawa kutsika ndi 0.30, kwa masiku 8, umakhala uli pomwe unali. Koma RSI imakhala yatsikira pafupifupi 69, chifukwa masiku a kukwera kwakukulu aja akunka nazimiririka mu avereji. Tsono munthu amene anagulitsa pa 75 amaona RSI yatuluka m'dera lija ankaliopa, koma iye sanapindule ngakhale tambala. Msika wangopuma, ndipo ukanyamukanso umayamba ndi RSI yozizira, mpata wokwerera ulipo wambiri.

Nkhani imene imandivutitsabe maganizo ndi ya dola ndi yeni ya ku Japan mu 2022, chifukwa msampha wake unali woonekeratu, koma anthu analowamo maso ali gwa. Kumayambiriro kwa Malichi USD/JPY, mtengo wa dola imodzi m'mayeni, inali pafupifupi 115. Pakati pa mwezi womwewo inali cha m'ma 118, ndipo RSI ya pa D1, tchati cha tsiku ndi tsiku, inadutsa 70. Mvula ya kumtunda inali yodziwika kwa aliyense womvera nkhani: pa 16 Malichi banki yaikulu ya ku America inayamba kukweza chiwongoladzanja, pamene banki yaikulu ya ku Japan inasiya chake pansi pa ziro. Ndalama zimathamangira kumene zikubereka, ndipo kusiyana kumeneko kunkakula mwezi ndi mwezi. Pa 28 Malichi mtengo unagunda 125. Unabwereradi pang'ono, kufika cha m'ma 121, ndipo apa ndi pamene ena amati mwaona, RSI inanena zoona. Koma 121 ili pamwamba pa 118. Amene anagulitsa RSI itangodutsa 70 anali m'madzi ngakhale pa tsiku limene mtengo unatsika kwambiri. Kumapeto kwa Epulo unadutsa 130, ndipo mu Okutobala unapyola 150, boma la Japan litalowererapo kale mu Sepitembala kuti lipulumutse ndalama yake.

Tiyike ndalama pamenepa. Mnyamata wagulitsa matumba ake a chitowe, wayika madola 100 mu akaunti, wadina Sell pa 118 ndi loti ya 0.01. Loti imeneyo ndi madola 1,000. Mtengo ukafika 130, wataya mayeni 12 pa dola iliyonse, onse pamodzi mayeni 12,000, amene ndi pafupifupi madola 92. Akaunti yatha, pa loti yaing'ono kwambiri imene mabuloka ambiri amalola. Koma tinene chilungamo, ndani amaika 0.01? Ambiri amaika 0.05, ndipo pamenepo madola 100 aja amatha mtengo usanafike 121, patangopita masiku ochepa, kubwerera kwa kumapeto kwa mwezi kuja kusanabwere n'komwe. Choipitsitsa n'chakuti RSI ikakwera kufika 80, munthu yemweyo amati tsopano ndiye yapsa zenizeni, n'kuwonjezera Sell ina, kenako ina. Chizindikiro chimene chikumuuza kuti ogula awonjezera mphamvu iye akuchiwerenga ngati chilolezo chowonjezera ngongole.

Sindikunena kuti 70 ndi mnzake wa pansi, 30, pamene ena amati mtengo watsika mopyola, n'zachabe. Zimathandiza pamene mtengo watsekeredwa pakati pa denga ndi pansi, ukungopita uku n'kubwerera, monga zimakhalira milungu imene kulibe nkhani yaikulu. Vuto ndi lakuti RSI payokha singakuuzeni kuti lero muli mu msika wotsekeredwa kapena wothamanga. Zimenezo muziona pa mtengo weniweniwo. Ngati mukusewera pa M15 kapena H1, tchati cha mphindi 15 kapena cha ola limodzi, tsegulani kaye D1. Ngati nsonga iliyonse yatsopano ili pamwamba pa yapitayo, ndipo pamene mtengo ukubwerera ukuimira pamwamba pa pomwe unaimira kale, msika ukukwera, ndipo Sell yanu ikulimbana ndi anthu a ndalama zambiri kuposa inu. Yang'ananinso pamene RSI imathera mtengo ukabwerera. Mu msika wokwera mwamphamvu imakonda kutsikira cha m'ma 40 kapena 50 n'kutembenuka, osafika 30. Mu msika wotsika zimakhala mosemphana, imakanika kudutsa cha m'ma 60. Pa pulogalamu ya MetaTrader mukhoza kuwonjezera mizere ya 40 ndi 60 pa Levels kuti muziona zimenezi mosavuta. Tsiku limene RSI ya msika wokwera yaboola 40 n'kukhala pansi pake, limenelo ndi limene lili ndi nkhani, kuposa masiku onse amene inali pa 78.

Wilder mwiniwake anafotokoza chizindikiro chokhwimirapo kuposa kungodutsa mzere. RSI ikwere kudutsa 70, itsike, iyesenso kukwera koma ikanike kufika pa nsonga yoyamba ija, kenako iboole pansi pa pomwe inaimira potsika paja. Ndi masitepe anayi, ndipo ofulumira amadumpha atatu. Ngakhale zonsezi zitakwanira, dikirani kandulo itseke, chifukwa RSI ya kandulo imene ikuyendabe imasintha mphindi iliyonse, ndipo zimene mwaona masana zikhoza kufufutika pofika usiku. Za kusemphana kwa mtengo ndi RSI, pamene mtengo wapanga nsonga yatsopano koma RSI ayi, samalani nazonso. Zimangosonyeza kuti liwiro lachepa. Mu ulendo wautali wokwera kusemphana kotereku kumaoneka kawiri, katatu, mtengo ukukwerabe, ndipo anthu amangokumbukira komaliza kokha kamene kanagwirizana ndi kugwa.

Kukumbukira kosankha kumeneku ndiko chuma cha ogulitsa masiginolo. Amakutumizirani chithunzi cha tchati chimene RSI inafika 80 mtengo n'kugwadi, atazunguliza ndi mzere wofiira, kenako akuti tumizani ndalama pa foni kuti mulowe gulu la mabwana. Zithunzi zotero aliyense angazipeze, poti msika uliwonse wokwera umadzatsika tsiku lina, ndipo kumanzere kwa tchati zonse zimaoneka zophweka. Afunseni akuonetseni maulendo onse amene RSI inadutsa 70 pa ndalama imodzimodziyo chaka chonse, opambana ndi olephera omwe. Mukhozanso kuchita nokha osalipira munthu. Tsegulani akaunti yoyeserera, bwezani tchati cha D1 mmbuyo, lembani m'kope tsiku lililonse limene RSI inayamba kudutsa 70, mtengo wa tsikulo, ndi mtengo patatha makandulo 10. Lembaninso kutalika kumene mtengo unakwera usanatembenuke, chifukwa nambala imeneyo ndi imene ikanadya akaunti yanu. Ndipo wina akakuuzani kuti asintha Period, chiwerengero cha makandulo, kuchoka pa 14 kupita pa 7 kapena 5 kuti chida chikhale chakuthwa, dziwani kuti wangochititsa kuti chizidutsa 70 pafupipafupi, ndiye kuti mayesero odina Sell achuluka.

Kwa amene muli kale ndi Sell yotseguka pa msika wokwera, yopanda Stop Loss, malire amene amatseka okha malonda anu mtengo ukawagunda, mukudikira kuti RSI ikuwomboleni: musadikire Lolemba. Onani pa D1 nsonga yomaliza, ikani Stop Loss pamwamba pake, ndipo werengerani ndalama zimene mutaye ikagundidwa. Ngati zikuposa zimene mungapirire, chepetsani loti kapena tsekani lero. Musawonjezere ina, ndipo musakongole ku banki m'khonde kuti mudyetse akaunti imene ikumira.