Mayeso obedwa sathera m'chipinda cha mayeso

"Ukangotuluka m'chipinda osagwidwa ndi pepala, nkhani yatha."

Ayi, bodza limeneli lafala ku Angónia ndi ku Tsangano. Ogwira onyenga si oyang'anira okha, ochonga nawonso amagwira. Mayankho ogulitsidwa pa WhatsApp amakhala amodzimodzi, ndipo nthawi zina olakwika. Tiyerekeze ana 30 a giredi 12 alakwitsa funso limodzi la masamu mofanana, mpaka nambala yomaliza, popanda njira yowerengera. Wochonga amapatula mapepalawo, kafukufuku nkuyamba.

Wolemba mayeso amavomereza malamulo ake, ndiye chinyengo chikatsimikizika zotsatira zimafafanizidwa. Satifiketi yotuluka kale ingalandidwenso, chifukwa maziko ake ndi zotsatira zomwezo. Mabungwe ena opereka ziphaso za ntchito, monga za makompyuta, amafika poletsa munthuyo kulembanso mayeso awo moyo wonse.