Musasinthe O aliyense kukhala ziro

Ndatopa kumva mawu awa: "Pulogalamu ya OCR inasokoneza O ndi ziro, koma takonza kale, tinangosintha onse nthawi imodzi." OCR ndi pulogalamu yomwe imawerenga pepala losikanidwa n'kulisandutsa mawu ndi manambala a pakompyuta. Ndikamva mawu amenewa ndimadziwiratu kuti ntchito yachuluka. Batani la Replace All silidziwa kuti O wa m'dzina la munthu ndi chilembo pomwe O wa mu 1O50 ndi ziro. Limasesa zonse, mayina n'kudzaza manambala, ndipo ngati simunasunge fayilo yoyamba, simungadziwenso pomwe panali bwinobwino ndi pomwe mwaononga nokha.

Pulogalamuyi imazindikira zilembo poona maonekedwe. O ndi 0, l wamng'ono ndi 1, S ndi 5, B ndi 8 zimafanana kwambiri, makamaka inki ikafufuma kapena pepala likasikanidwa pansi pa 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse. Nthawi zina siinalakwe n'komwe. Makina ambiri akale otayipira analibe batani la 1, ndiye otayipa ankamenya l wamng'ono. Pulogalamu ikalemba l985 pa chikalata chotero, yawerenga zomwe zilidi papepalapo.

Nkhani yomwe imandivutabe mumtima ndi ya ofesi ina yomwe inasikana malisiti ake n'kulowetsa ndalama zonse mu Excel. Chiwerengero cha pansi chinkaperewera, ndipo anthu anayamba kukayikira kalaliki wosunga malisitiwo. Palibe yemwe anaba. M'mizere ingapo munali 1O50 m'malo mwa 1050, kwina 2l0 m'malo mwa 210. Excel imatenga zoterezi ngati mawu, ndipo `SUM` imadumpha mawu mwakachetechete, osachenjeza. Munthu wosalakwa anakhala masabata akuyenda chowerama chifukwa cha zilembo ziwiri. Kufufuza kwake kunali kwa mphindi imodzi: `COUNT` imawerenga timabokosi ta manambala tokha, `COUNTA` imawerenga tonse tomwe muli kanthu. Ziwirizi zikasiyana pa danga la ndalama, kupatula mutu wa dangalo, muli chilembo chomwe chabisala.

Kukonza koyenera kumayenda danga ndi danga. Musanakhudze kanthu, dzifunseni kuti danga ili limaloledwa kukhala ndi chiyani. La ndalama kapena la tsiku ndi la manambala okha, choncho mmenemo mokha ndi momwe mungasinthe zilembo kukhala manambala, monga mu Python umu:

```python
ZOSINTHA = str.maketrans("OolI", "0011")
ndalama = ndalama.translate(ZOSINTHA)
```

S ndi B ndawasiya dala. B wosaoneka bwino akhoza kukhala 8, akhozanso kukhala 3 kapena 13 wothinana, ndipo kulosera pamenepo n'kungolemba bodza mwaukhondo. Mzere womwe ukadali ndi chilembo mutasintha uikidwe pambali kuti munthu auyerekeze ndi chithunzi cha pepala. Manambala osakaniza, monga zilembo ziwiri kenako manambala asanu, muziwakonza potengera malo: O wa pamalo achiwiri akhale O, wa pamalo achinayi ndi ziro. Ndipo lembani penapake chilichonse chomwe mwasintha, chakale ndi chatsopano.

Ena amathamangira kuuza Tesseract, imodzi mwa mapulogalamu a OCR, kuti iwerenge manambala okha kudzera pa `tessedit_char_whitelist`. Zimathandiza mukadula danga la manambala palokha. Mukachita patsamba lonse, mawu amaonongeka. Kumbukiraninso kuti pulogalamu yoletsedwa kulemba chilembo ikhoza kulemba 6 pomwe panali 8, ndipo cholakwa chotere sichionekanso ndi maso.

N'chifukwa chake pomwe pali nambala yotsimikizira, muziigwiritsa ntchito. Mizere iwiri ya pansi pa pasipoti ili nayo. Tsiku lobadwa likhale 850312: mumachulukitsa manambalawo ndi 7, 3, 1, 7, 3, 1, n'kupeza 56, 15, 0, 21, 3 ndi 2. Kuphatikiza ndi 97, ndipo timatenga nambala yomaliza yokha, ndiye nambala yotsatira tsikulo iyenera kukhala 7. Ngati 8 wawerengedwa 6, chiwerengero chimakhala 83, 3 sagwirizana ndi 7, cholakwa chagwidwa. Sikuuzani pomwe palakwika, imangokuuzani kuti mubwerere kupepala. Manambala a ISBN a pamabuku ndi a makhadi a kubanki ali ndi njira zawo zofanana ndi iyi.

Chenjerani ndi anthu olonjeza kuti akutsukirani fayilo yonse popanda cholakwa ngakhale chimodzi, iwo osapempha zithunzi za mapepala. Munthu wotere akungofuna kuti zilembo zisaoneke, ndipo akubwezerani fayilo yooneka bwino yomwe simungaikhulupirire. Mufunseni kuti waika mizere ingati pambali; akati palibe, musamulipire. Musachedwenso kufufuza. Ndaonapo anthu akubwera patapita chaka, mapepala atatayidwa kale, manambala olakwika atakoperedwa m'malipoti ena, akufunsa ngati 2l0 anali 210 kapena 270. Popanda pepala kapena chithunzi chake, inenso sindingawayankhe.