Khansa ya m'magazi ya CML: kusiyana kwa kemo ndi mankhwala otseka uthenga wokulitsa khansa

Anthu ambiri akamva za mankhwala a khansa amaganiza za diripi, kusanza ndi kuthothoka tsitsi. Amenewo ndi mankhwala a kemotherapi, amene ambiri timangoti kemo. Koma alipo ena amene amagwira ntchito mwa njira ina, ndipo ambiri mwa iwo ndi mapiritsi omwera kunyumba. Chitsanzo chomveka bwino ndi khansa ya m'magazi yoyenda pang'onopang'ono, imene madokotala amaifupikitsa kuti CML, ndi piritsi lake lotchedwa imatinibu.

Mmene kemo imagwirira ntchito

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo limachulukana pogawikana pawiri, ndipo khansa ndi maselo amene akugawikana osaleka. Kemo imawononga selo lililonse limene yalipeza likugawikana mofulumira. Sisankha. Zili ngati kutentha tchire pofuna kupha mbewa: mbewa zimafa ndithu, koma moto umapsereza ndi mitengo yomwe. Maselo a mizu ya tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a m'mafuta a m'mafupa nawonso amagawikana mofulumira mwachibadwa. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, magazi amachepa ndipo thupi limafooka polimbana ndi matenda. N'chifukwa chakenso kemo imaperekedwa mopumira, nthawi zambiri pakatha masabata awiri kapena atatu, kuti maselo abwino apeze mpata wochira.

Chimene chimalakwika mu CML

Selo labwino siligawikana mwachisawawa. Limadikira uthenga wochokera kunja kwake, uthengawo n'kudutsa m'mapuloteni angapo mkati mwake mopatsirana, mpaka kukafika pakati pa selo pamene pamachokera lamulo loti ligawikane. Ena mwa mapuloteni amenewa amagwira ntchito ngati swichi: amayaka uthenga ukabwera, n'kuzima ntchito ikatha.

Mu 1960, Peter Nowell ndi David Hungerford a mumzinda wa Philadelphia ku America anaona kuti maselo a odwala CML ali ndi koromozomu imodzi yaifupi modabwitsa. Makoromozomu ndi timitolo tosunga malangizo a chibadwa m'selo, ndipo munthu ali ndi mapeya 23. Mu 1973, Janet Rowley anapeza chimene chimachitika: koromozomu nambala 9 ndi nambala 22 zimaduka n'kusinthana zidutswa. Pamene zalumikizana molakwikapo pamabadwa jini yatsopano, kapena kuti langizo latsopano la chibadwa, yotchedwa BCR-ABL, ndipo puloteni imene jiniyi imapangitsa ndi swichi yokanirira poyaka. Usiku ndi usana imauza selo kuti ligawikane, ngakhale palibe uthenga uliwonse wochokera kunja. Vutoli limayamba m'selo limodzi la m'mafuta a m'mafupa munthu atabadwa kale. Silichokera kwa makolo, silipita kwa ana, ndipo silipatsirana.

Kuti swichiyo itumize uthenga, imafunika kulandira kanthu kopatsa mphamvu kotchedwa ATP, kamene kamalowa m'kathumba kena pa puloteniyo. Imatinibu amakakhala m'kathumba komweko, ATP n'kusowa polowa. Uthenga umaduka, maselo a khansa amasiya kuchulukana n'kuyamba kufa, ndipo maselo abwino, amene sadalira swichi imeneyi, amayambiranso kudzaza mafuta a m'mafupa. Mankhwalawa, amene dokotala Brian Druker anatsogolera powayesa pa odwala, anavomerezedwa ku America mu 2001, ndipo bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2015. Asanabwere, odwala ambiri ankamwalira patangotha zaka zochepa matenda atadziwika. Pa kafukufuku wamkulu amene anatsatira odwala amene anayamba kumwa imatinibu matenda atangodziwika, oposa 80 pa 100 alionse anali moyo patatha zaka khumi.

Ulendo wa wodwala mmodzi

Tiyerekeze bambo wa zaka 42 amene wakhala akutopa kwa miyezi ingapo, akutuluka thukuta usiku, akuonda, ndipo akangodya nsima pang'ono akumva kukhuta. Kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, kuli cholimba. Ndi kapamba wotupa, amene akupanikiza chifu. Kwathu kuno zizindikiro zoterezi zimaganiziridwa msanga kuti ndi malungo, TB kapena HIV, ndipo n'zoyenera kuyeza zimenezo. Koma zikapezeka kuti palibe, kapena mankhwala ake sakuthandiza, pemphani kuti ayeze kuchuluka kwa maselo a magazi. Mwa munthu wabwinobwino maselo oyera amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho koyezera. Mwa bambo athuwa apezeka 180,000.

Adokotala angayambe ndi haidirokisiyureya, amene ndi kemo ya makapisozi. Pakatha masabata ochepa maselo oyera amatsika, kapamba amaphwa, munthu n'kumva bwino. Apa ndi pamene kusiyana kwa mitundu iwiriyi kumaonekera poyera. Haidirokisiyureya wangochepetsa chiwerengero, ngati kusenga udzu mizu ili m'nthaka. Maselo amene atsala akadali ndi swichi yokanirira ija, ndipo tsiku lina matendawa adzasanduka khansa yoopsa yothamanga, imene ndi yovuta kwambiri kuchiza. Wodwala CML amene wakhala pa haidirokisiyureya yekha kwa miyezi yambiri ayenera kufunsa adokotala ake za kuyezetsa BCR-ABL ndi za imatinibu, kapena kupempha kalata yopita ku chipatala chachikulu kumene kuli madokotala a khansa.

Kuyezetsako sikungalumphidwe. Kemo imatha kugwira khansa zamitundu yambiri chifukwa zonse zimagawikana, koma imatinibu amathandiza pokhapokha ngati m'maselo muli swichi imene iye amatseka. Matenda ena amakwezanso maselo oyera, ndipo kumwa imatinibu pa matenda amenewo n'kungotaya nthawi. BCR-ABL imayezedwa m'magazi ndi njira ya PCR, ndipo makina a GeneXpert, omwe aja oyezera makhololo a TB, amatha kuyeza ngati pali katiriji yake.

Zotsatira zasonyeza kuti BCR-ABL ilipo. Bambowa ayamba kumwa mamiligalamu 400 kamodzi pa tsiku, pa nthawi ya chakudya, ndi kapu yaikulu ya madzi. M'masabata oyamba amayezedwa magazi pafupipafupi, chifukwa maselo a khansa akamafa abwino asanachuluke, magazi amatha kutsika kwambiri ndipo adokotala angaimitse mankhwala kwa masiku ochepa. Isanathe miyezi itatu, maselo oyera ayenera kukhala atabwerera m'malo mwake ndipo kapamba asamamvekenso pogwira.

Kuyambira pamenepo, kuyeza magazi wamba sikungauzenso munthu zambiri, ndipo mmene akumvera m'thupi si umboni. Amene ali pa ma ARV amazidziwa bwino izi: munthu amaoneka wathanzi, koma chimene chimanena zoona ndi kuyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Kunonso PCR ndiyo imanena. Poyerekeza ndi mmene imakhalira mwa odwala amene sanayambe mankhwala, madokotala amafuna kuti BCR-ABL ikhale itatsika kufika pa 10 peresenti kapena kucheperapo pa miyezi itatu, 1 peresenti pa miyezi isanu ndi umodzi, ndi 0.1 peresenti pa chaka. Tinene kuti bambowa apezeka ndi 6, kenako 0.8, ndipo pa chaka 0.09. Zikuyenda bwino, apitirize momwemo.

Nambala ikayamba kukwera

Chaka chachiwiri PCR yawo yakwera kufika pa 2 peresenti, iwo akumva bwinobwino. Funso loyamba la adokotala lidzakhala lakuti, "Bambo, mwezi wathawu mwadumphitsa masiku angati?" Yankhani moona, chifukwa kudumphitsa ndi chimene chimalepheretsa mankhwalawa kawirikawiri. Imatinibu satha maselo onse a khansa. Amatsala ochepa ogona m'mafuta a m'mafupa, ndipo piritsi likasowa m'magazi swichi imayakanso. Ngakhale kuphonya masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse kumachepetsa kwambiri mwayi wofika pa 0.1 uja. Ngati chovuta ndi ndalama ya thiransipoti yokatengera mankhwala, nenani msanga asanathe, kuti achipatala aone mmene angakuthandizireni.

Funso lachiwiri ndi la mankhwala ena. Rifampisini, amene ali m'mapiritsi a TB, amachititsa chiwindi kuchotsa imatinibu mofulumira, moti mphamvu yake m'magazi imatsika kupitirira theka. Mankhwala a khunyu monga kabamazepini ndi fenitoini amachitanso chimodzimodzi, komanso ma ARV ena monga efavirenzi ndi nevirapini. Musasiye ena alionse panokha. Uzani adokotala a mbali zonse ziwiri, ndipo tchulaninso mankhwala azitsamba ngati mukumwa.

Ngati munthu akumwa mokhulupirika koma nambala ikukwerabe, kawirikawiri ndiye kuti khansa yasintha kaumbidwe ka kathumba kaja, imatinibu sakukwanamonso. Pamenepo amasinthira ku ena a banja lomweli, monga dasatinibu kapena nilotinibu. Kusintha kwina kotchedwa T315I kumakana onse atatuwa ndipo kumafuna ponatinibu.

Zovuta zake

Tsitsi nthawi zambiri silithothoka, koma si kuti mankhwalawa alibe zovuta. Ambiri amatupa zikope m'mawa kapena mapazi, amamva nseru, kukokana kwa minofu ya m'miyendo, kutsegula m'mimba kapena zidzolo. Anthu akhungu lakuda ena amayera khungu, chifukwa imatinibu amatsekanso swichi ina yofanana nayo imene ili m'maselo opanga mtundu wa khungu. Zambiri mwa izi zimachepa kapena zimathandizika osasiya mankhwala. Koma kutentha thupi, kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, kupuma movutikira, kunenepa mwadzidzidzi chifukwa cha madzi, maso achikasu, kapena matuza pakhungu ndi m'kamwa, zimenezo n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Amayi, imatinibu angathe kuvulaza mwana wosabadwa, makamaka m'miyezi yoyamba. Gwiritsani ntchito njira yolera yodalirika, ndipo ngati mukufuna mwana kambiranani ndi adokotala mimba isanakhale. Kuyamwitsa uku mukumwa sikulangizidwa.

Ena amafunsa ngati adzamwa moyo wawo wonse. Ambiri, inde. Amene amwa zaka zingapo ndipo BCR-ABL yakhala yotsikitsitsa kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo amatha kuyesa kusiya, koma pokhapokha pamene PCR ingayezedwe mwezi ndi mwezi poyamba, chifukwa mwa pafupifupi theka la iwo matenda amabwerera, kawirikawiri m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba.

Ngati inu mwapatsidwa kemo

Musaganize kuti akumanani mankhwala abwino. CML ndi yapadera chifukwa imadalira swichi imodzi. Khansa zambiri zili ndi zolakwika zingapo nthawi imodzi, ndipo mukatseka njira imodzi uthenga umadzera ina. Pa khansa zina za m'mapapo, mapiritsi otseka swichi yotchedwa EGFR amathandiza kwambiri, koma nthawi zambiri khansa imayambanso kukula pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Pomwe khansa ya Burkitt, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba za ana ambiri m'Malawi ndi maiko oyandikana nawo, imagawikana mothamanga kwambiri moti kemo ya miyezi yochepa imatha kuichiza kotheratu, mwana osafunikanso kumwa mankhwala. Pa khansa ya khomo la chiberekero, opaleshoni ndi chithandizo cha cheza pamodzi ndi kemo ndizo zimathandiza. Funso loyenera kufunsa adokotala ndi lakuti, "Kodi khansa yangayi ili ndi swichi yodziwika imene ingayezedwe?" Akati ilipo, funsani kumene magazi kapena kanyama kangatumizidwe kukayezedwa, ndi tsiku lobwera kudzamva zotsatira.