Sipika ikabwera kokonzedwa ili kuthetheka, kalata yake ilembedwe bwanji?

Pa ntchito yanga yokonza mawailesi, ma ampulifaya ndi masipika, dandaulo limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Mwandiwonongera sipika, ikungochita phokoso." Munthu amakhala atakwiya, ndipo nthawi zina mkwiyo wakewo umakhala ndi chifukwa chomveka. Koma mawu akuti phokoso sandiuza poyambira. Sipika imathetheka pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo zina mwa zifukwazo sizikhala m'sipikamo n'komwe. Kalata yabwino yodandaula ndi imene imamufotokozera mmisiri mmene phokosolo likumvekera, nthawi imene likumveka, ndi zimene mwiniwake wayesa kale. Ulemu umayambira pomwepo, pofotokoza zimene wamva m'malo moweruza zimene sunaone.

Musanagwire cholembera, khalani pansi mumvetsere. Ngati kuthethekako kukumveka pokhapokha mukamapotokola chokwezera voliyumu, kenako n'kusiya mukachotsapo dzanja, vuto limakhala fumbi kapena kutha kwa m'kati mwa chokwezeracho. Ngati kukubwera n'kumapita kokha, makamaka chipangizo chikatentha kapena mukagogoda bokosi pang'ono, ife timayamba kukayikira malo amene anawotcherera ndi mtovu koma sunagwire bwino, kapena waya amene wakhwepa. Ngati mawu akusweka pokhapokha mwakweza voliyumu mpaka kumapeto, kawirikawiri ndi ampulifaya imene yafika pothera mphamvu zake, ndipo pamenepo mmisiri sanalakwe chilichonse. Palinso kukwecha, kumene kumamveka ngati pepala likukhula pa chitsulo nthawi iliyonse besi ikagunda, ngakhale voliyumu ili pansi. Kukwecha kumeneku ndiko kumaloza ntchito ya wokonza kuposa zina zonsezi.

Chifukwa chake n'chakuti m'kati mwa sipika muli koyilo, waya woonda wokulungidwa pa kachubu kamene kamamatidwa kumbuyo kwa pepala lozungulira lija limene limanjenjemera potulutsa mawu. Koyiloyo imalowa m'kampata kopapatiza kwambiri pakati pa maginito, ndipo imayenda chotuluka ndi chobwerera osakhudza mbali iliyonse. Tikamasintha koyilo yopsa, timalowetsa timapepala toonda ta pulasitiki m'kampatamo kuti koyilo ikhale pakatikati, n'kusiya guluu kuti aume, nthawi zambiri tsiku lathunthu, tisanachotse timapepalato. Mmisiri akafulumira chifukwa kasitomala akumudikira pakhomo, koyilo imapendekeka pang'ono. Kapena kachidutswa ka chitsulo kamakokedwa ndi maginito n'kukakhala m'kampatamo. Zonse ziwirizi zimabala kukwecha. Poyesa mwachangu pa malo okonzera, pamene pali wailesi ina ikulira ndi anthu akucheza, sikumveka. Kumakamvekera kunyumba usiku kuli zii.

Mukatha kumvetsera, pali kuyesa kumodzi kumene aliyense angachite popanda kumasula sikuluu. Zimitsani ampulifaya kaye, ndipo musalole kuti mawaya awiri a sipika akhudzane. Chotsani sipika yothethekayo pa waya wake muilumikize pa waya wa sipika inzake, inzakeyo ipite pamene panali yothethekayo. Mukayatsa, phokoso likatsatira sipika yomwe ija, vuto lili m'sipikamo. Likatsala mbali yomwe linali, n'kumatuluka tsopano m'sipika yabwinoyo, vuto lili mu waya kapena mu ampulifaya, ndiye kuti kalata yanu iyenera kukhala ina. Amene ali ndi sipika imodzi yolumikiza ndi foni popanda waya ayese foni ina, ayesenso kulumikiza ndi waya ngati pali polowetsa, batire ili yodzaza, chifukwa batire yofooka nayo imaswa mawu.

Nayi kalata yofanana ndi imene ndinalandirapo kuchokera kwa mayi wina amene ndinamusinthira koyilo. Ndachotsamo dzina ndi madeti.

Kwa Mwini wa Malo Okonzera,

Zikomo Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi anzanu ogwira nawo ntchito. Ndikulemba zokhudza sipika yanga ya kumanzere, ya ma ohmu 8, imene ndinabweretsa kwa inu itasiyiratu kulira. Munandiuza kuti koyilo inapsa ndipo munaisintha. Ndinadzaitenga Lachiwiri lapitali, ndipo ndaikamo kope la lisiti m'kalata ino.

Choyamba ndithokoze kuti sipikayo ikulira tsopano. Koma kuyambira madzulo a tsiku lomwe ndinaitengalo, ikumveka kukwecha nthawi iliyonse nyimbo ikakhala ndi besi. Pa nkhani za pa wailesi, pamene pali mawu a munthu okha, sizimveka kwenikweni. Kukwechako kulipo ngakhale voliyumu ili pa 3 mwa 10, ndipo sindinakwezepo kupitirira 5 chiitengereni.

Ndinasinthanitsa masipika awiriwo, phokoso linatsatira yokonzedwayo. Ndinayesanso waya wina ndi foni ina, palibe chinasintha. Sindinaitsegule, ndipo ndasiya kuigwiritsa ntchito kuopa kuiwononga. Ndili ndi kavidiyo kakafupi kamene kakumveketsa phokosolo, ndingakutumizireni mukafuna.

Sindikudziwa chimene chikuchititsa, inu ndi amene mungadziwe. Pempho langa n'lakuti muionenso pansi pa galanti imene munalemba pa lisiti. Ngati mupeza kuti ndi vuto lina losakhudzana ndi ntchito yoyamba ija, chonde mundiuze mtengo wake musanayambe kukonza. Ndingathe kuibweretsa Loweruka m'mawa, ndipo ndingayamikire mutandiyankha lisanafike tsikulo.

Ndine kasitomala wanu.

Nditawerenga kalatayi ndinadziwa kale pokaika dzanja, sipika isanafike. Koma chimene ndikufuna muone ndi mmene mayiyu anasankhira mawu ake. Sananene kuti ndinaika koyilo molakwika, ngakhale kuti umboni wonse umene anapereka unkaloza komweko. Anangondandalika zimene anamva, n'kundisiyira ine kuti nditchule dzina la vutolo. Anthu ena amaona ngati kumeneku n'kufooka. Ine ndimati n'kuchenjera. Mukamuuza mmisiri kuti "munaika chipangizo chachabe" musanadziwe, mwamupatsa mlandu woti akane, ndipo akakutsimikizirani kuti chipangizocho chinali chabwino, nkhani yonse imasanduka mtsutso wa amene akunama. Koma palibe mmisiri amene angatsutse zoti sipika ikukwecha pa voliyumu 3.

Chiganizo cha voliyumu chija n'cholemera kuposa mmene chikuonekera. Yankho loyamba la wokonza aliyense, ine ndemwe, limakhala lakuti, "Munaikweza kwambiri, mwaipsetsanso." Ndipo zimachitikadi. Koyilo ikatentha mopitirira, guluu wake amafufuma kapena waya amamasuka pa kachubu, n'kuyamba kukhula m'kampata muja mofanana ndendende ndi koyilo yopendekeka. Choncho kunena kuti phokoso linayamba tsiku lomwelo, ndiponso kuti voliyumu sinapitirire theka, kumatseka khomo limenelo. Kungoti zikhale zoona. Tikatsegula timaona: koyilo yopsa imada ndipo imanunkha, pamene yopendekeka imakhala yoyera koma ili ndi mzere wonyezimira mbali imodzi, pamene imakhula. Amene ananama m'kalata amagwidwa pamenepo, ndipo zonse zimene analemba zimataya mphamvu.

N'chifukwa chakenso kalata yotere siyenera kuchedwa. Dandaulo lofika patatha masiku 2 kapena 3 limakhulupirika mosavuta. Lofika patatha miyezi 2, sipika itaimbapo pa zisangalalo zingapo, ngakhale mmisiri wachilungamo amakayika. Galanti nayo imasiyana malo ndi malo, ena amalemba pa lisiti, ena amangonena pakamwa. Ngati inali ya pakamwa, lembani zimene anakuuzani ndi tsiku limene anakuuzani, mopanda kuwonjezera. Dziwaninso kuti galanti ya wokonza kawirikawiri imakhudza ntchito imene anagwira yokha, osati chipangizo chonse. Ngati anasintha koyilo, kenako n'kuwonongeka chokwezera voliyumu cha ampulifaya, imeneyo ndi ntchito yatsopano. Mayi uja anazindikira zimenezi, n'chifukwa chake anapempha kuti auzidwe mtengo kaye. Chiganizo chimenecho chimamuteteza iye ku bilu yodzidzimutsa, ndipo chimandionetsa ine kuti sakufuna zaulere zosamuyenera.

Pali zinthu ziwiri zimene anazisiya, ndipo anachita bwino. Sanaopseze kuti akauza anthu onse kapena akakadandaula kwina. Zimenezo zili ndi nthawi yake, m'kalata yachiwiri, ngati yoyamba sinayankhidwe pofika tsiku limene munatchula. Sanapemphenso zinthu zitatu nthawi imodzi, kuti abwezeredwe ndalama, apatsidwe sipika ina, akonzeredwenso. Anapempha chimodzi chimene ndikanatha kuvomera tsiku lomwelo. Ulemu wopitirira muyeso nawo uli ndi vuto lake. Ndinalandirapo kalata yodzaza ndi kupepesa, "pepani kuti ndakuvutitsani, mwina ndi makutu anga," mpaka ndinafika kumapeto osadziwa ngati munthuyo akufuna ndichitepo kanthu. Kuthokoza kamodzi n'kokwanira, kupepesa n'kosafunika.

Za kusatsegula, ndikuchondererani. Malo ambiri okonzera amamata kapepala pa sikuluu kapena pa mphepete mwa bokosi, ndipo kakang'ambika galanti yatha. Ngakhale pamene palibe kapepalako, mukaipereka kwa mmisiri wina kuti "angoonako," woyamba uja sangavomerenso mlandu wa zimene zili m'katimo. Kupitiriza kuimba sipika yokwecha nakonso n'koopsa, chifukwa kukhulako kumapala utoto woteteza waya wa koyilo, mawaya n'kukhudzana, ndipo zikatero ampulifaya nayo ikhoza kupsa. Mukamva fungo la chinthu chopsa, zimitsani n'kuzula pulagi nthawi yomweyo, ndipo mulembe zimenezo m'kalatamo.

Sipika ya mayi uja inafika Loweruka. Ndisanailumikize, ndinaika zala zanga mozungulira pakati pa pepala n'kukankha pang'onopang'ono mofanana mbali zonse. Sipika yabwino imalowa mwakachetechete. Iyi inati khwe. Pa mita yoyezera mmene waya ukukanira magetsi inawerenga pafupifupi ma ohmu 6, chimene n'choyenera pa sipika ya ma ohmu 8, ndiye waya wa koyilo unali usanawonongeke. Nditamatula, mzere wonyezimira unali mbali imodzi ya kachubu, koyilo yosada n'komwe. Ndinali nditachotsa timapepala tija guluu asanaumitse, chifukwa tsikulo ntchito inali yambiri. Ndinapukuta kampatako ndi tepi yomata kuti ndichotse tizidutswa, ndinaika koyilo ina, ndipo ndinawaimbira foni mayiwo kuwauza kuti, "Mayi, kulakwa kunali kwanga, palibe cholipira, koma mudzaitenge Lolemba masana kuti guluu aume bwinobwino."