“Ndinayezetsa kale” si yankho lokwanira

Ndatopa nawo mawu akuti “ndinayezetsa kale”. Pa ntchito yanga ya unamwino kuno ku Zomba ndimawamva kwa ophunzira a ku Chikanda, kwa amalonda a pa Mpondabwino, ngakhale kwa akuluakulu amene akulowa m’banja lachiwiri, ndipo onse amawanena ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Amene mukufuna kuyamba kugonana ndi bwenzi latsopano, funsani mafunso awiri musanavomere: anayezetsa liti, ndipo m’miyezi itatu tsikulo lisanafike komanso kuchokera pamenepo, anagonapo ndi munthu popanda kondomu?

Zipangizo zoyezera mwachangu zimene timagwiritsa ntchito sizifufuza kachilombo ka HIV mwachindunji, koma asilikali amene thupi limapanga polimbana nako. Thupi limatenga nthawi kuti lipange asilikali okwanira kuoneka, kwa ambiri masabata angapo, kwa ena mpaka miyezi itatu. M’nyengo imeneyi zotsatira zimatha kuonetsa kuti munthu alibe kachilombo pamene ali nako, ndipo choopsa n’chakuti ndi m’masabata oyambirira omwewa pamene kachilombo kamachuluka kwambiri m’magazi, moti n’kosavuta kupatsira wina.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anachita zimene timalangiza: anafunsa bambo amene ankamufunsira ngati anayezetsa, ndipo bamboyo sananame. Anamuonetsa buku lake la kuchipatala, m’mene munalembedwa kuti pa 10 Januwale anapezeka wopanda kachilombo. Chimene sanatchule, chifukwa sanachione ngati nkhani, n’chakuti pa Khirisimasi anagona ndi mkazi wina popanda kondomu. Kuchokera pa 25 Disembala kufika pa 10 Januwale ndi masiku 16 okha, ochepa kwambiri kuti chipangizo chathu chione kanthu. Chakumayambiriro kwa Januwale komweko bamboyo anatentha thupi, kupweteka pakhosi ndi kutupa mwanabele, koma anangoti ndi malungo n’kugula mankhwala pagolosale. Awiriwa anasiya kondomu mwezi womwewo. Mayiyo atabwera ku sikelo mu Juni, tinamupeza ndi kachilombo, ndipo anandifunsa kuti, “Anamwino, bukulo ndinaliona ndi maso angawa, nanga ndinalakwitsa pati?” Bamboyo akanayezetsanso kumapeto kwa Malichi, akugwiritsabe ntchito kondomu, tikanadziwa nthawi ilipo.

Choncho pitani limodzi, mukamve zotsatira pamaso pa phungu. M’zipatala za boma kuyezetsa n’kwaulere ndipo sikutha ola. Mukapezeka nonse opanda kachilombo, pitirizani kondomu nthawi iliyonse kwa miyezi itatu, kenako mukayezetsenso limodzi. Poyambitsa nkhaniyi musayambe ndi kuloza mnzanu chala. Yambani ndi inu mwini: “Ine ndinayezetsa mwezi wakuti, koma pambuyo pake ndinali ndi wina, n’chifukwa chake ndikufuna tipite tonse.” Munthu amene wamva inu mukuulula zanu savutika kwambiri kunena zake. Amene akukwiya n’kumati simukumukhulupirira, kapena akuti mungomuyang’ana mmene wanenepera, musagone naye popanda chitetezo. Kachipangizo kodziyezera wekha ka m’kamwa n’kothandiza, koma nakonso sikaona kachilombo kongolowa kumene, ndipo kakaonetsa mizere iwiri muyenera kukatsimikizira kuchipatala.

Mmodzi akapezeka nako, chibwenzi sichiyenera kutha chifukwa cha zimenezo. Amene akumwa ma ARV mwandondomeko, mpaka kuyeza kwa kuchipatala kuonetse kuti kachilombo kachepa kosaonekanso m’magazi, sapatsira mnzake pogonana, koma kufika pamenepo kumatha kutenga miyezi isanu ndi umodzi. Pakadali pano kondomu ikhalepo, ndipo winayo afunse za mankhwala oteteza a PrEP. Pemphaninso kuyezedwa chindoko, chifukwa chilonda chake choyamba sichipweteka ndipo chimapola chokha matenda akadali m’thupi.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi kuchedwa. Kondomu ikaphulika, kapena mukagona ndi munthu amene simukudziwa mmene alili, pali mankhwala a PEP amene amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndi kumwedwa masiku 28, ndipo kufulumira n’kumene kumawathandiza kugwira ntchito. Koma anthu amatha masiku atatuwo akumwa makapisozi a pamsika kapena zitsamba za m’mabotolo zimene ogulitsa amati zimatsuka magazi, ena akudzisambitsa kumaliseche ndi sopo, n’kudzafika kwa ife tsiku lachisanu pamene PEP sangathandizenso. Palibe chitsamba kapena kapisozi wa pamsika amene amaletsa HIV kukhazikika m’thupi. Ngozi ikachitika Lachisanu usiku, musadikire Lolemba: pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena china chimene chili chotsegula, ndipo mukanene mosabisa tsiku ndi ola limene zachitikira.