Agogo a m'chithunzi akayamba kuyenda

Pa ntchito yanga yokonza mabuku a ana, ndinalandirapo nkhani ya kamtsikana kamene kanamata chithunzi cha malemu agogo ake pa pepala lomwe kanajambulapo mudzi ndi penti. Agogowo anaphethira, n'kutsika, n'kuyamba kuyenda m'mudzimo. Ganizo lake linandigwira mtima, koma titawerengera ana a Sitandade 2, mnyamata wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Kodi agogowo ndi mzukwa?" Anzake anangoti zii. Pamenepo ndinadziwa kuti ntchito ikadalipo.

Vuto silinali mawu ayi. Wojambula anaika agogowo usiku, ali mbuu, atangoima pakati pa bwalo osachita kanthu. Kwathu kuno mwana amakula akumva nkhani za mizukwa, ndiye munthu wakufa woima mumdima amamuzindikira msanga. Tinasintha zinthu ziwiri. Tinaika dzuwa la m'mawa, ndipo agogowo tinawapatsa ntchito: atangotsika anatola musi, n'kudandaula kuti mtondo umene mdzukulu wawo wajambula ndi wopendekeka, mphale itayika. Ana ataimva kachiwiri anaseka. Munthu wodandaula za mtondo ndi agogo basi, palibe amene angawaope.

Mtima wa buku lotere uli pa kusiyana kwa chithunzi chojambulidwa ndi kamera ndi mudzi wa penti. Chithunzi chakale chimakhala chakuda ndi choyera, agogo ataima chilili, manja ali m'mbali, monga ankaimira anthu kwa wojambula. Mudzi uli ndi mitundu: dothi la katondo, nkhokwe, mtengo wa mango. Mwana wosadziwa kuwerenga amaona yekha kuti awiriwa si amodzi, ndipo kusiyanako n'kumene kumamuuza kuti chodabwitsa chayamba. Koma chithunzi n'chimodzi chokha, ndiye agogo ayenda bwanji? Ife tinalola kuti mtundu uziwalowa pang'onopang'ono. Choyamba duku linafiira. Mwana akatembenuza tsamba, chitenje nachonso chili ndi maluwa achikasu. Pofika tsamba lachitatu agogo onse ndi a penti, ndipo wojambula angathe kuwaweramitsa, kuwakhazika pamkeka, chilichonse. Nkhope yokha ndiyo tinaisamala kwambiri, kuti mphini za pamasaya ndi mpata wa m'mano zisatayike.

Mabuku a zithunzi ambiri amakhala ndi masamba 32, chifukwa osindikiza amapinda pepala lalikulu kuti litulutse masamba 8 kapena 16. Mukachotsa tsamba la mutu ndi la eni buku, nkhani imatsala ndi malo ochepa ndithu. N'chifukwa chake kuphethira koyamba kwa agogo kusachedwe, ndipo kubwere mwana atangotembenuza tsamba. Kukakhala pa tsamba la kumanja, maso ake amakuona musanamalize kuwerenga la kumanzere, chidwi n'kutha.

Pali zina za m'manja zimene zimawononga buku mwakachetechete. Chithunzi chathu chinali cha masentimita 9 m'lifupi ndi 13 m'litali, ndipo tinkafuna kuchikulitsa kawiri. Osindikiza amafuna 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula komwe chidzatulukire, choncho tinachisikana pa 600 dpi. Mukasikana pa 300 kenako n'kukulitsa, nkhope imatuluka yachimbuuzi. Onaninso komwe kuwala kukuchokera. Ngati tsaya lowala la agogo ndi la kumanzere kwa tsamba, mithunzi ya nyumba ndi mitengo igwere kumanja. Zikasemphana, ngakhale mwana amaona kuti agogo angomatidwapo. Ndipo ngati chithunzicho n'cha munthu weniweni, kambiranani ndi a kubanja musanachigwiritse ntchito, chifukwa nkhope ya mayi wawo idzafika m'manja mwa anthu osawadziwa.

Chimene ndinalimbana nacho kwambiri ndi mlembi ndi malire a chodabwitsacho. Iye ankafuna kuti agogo atuluke pa pepala, akadye nsima ndi banja. Ndinakana, ndipo mpaka lero ndimakanabe. Pakati pa ana omvetsera pamakhala wina amene anaika agogo ake m'manda chaka chatha, ndipo sitiyenera kumulonjeza zomwe sizingachitike. Tinagwirizana kuti agogo amayenda pokhapokha penti ikadali yaiwisi, ndipo safika kupitirira m'mphepete mwa pepala. Lamulo limeneli linapatsa kamtsikanako chochita. Kakafuna kucheza nawo kanayenera kujambula chinthu chatsopano, ndipo kuti kadziwe chojambula kanayamba kufunsa amayi ake kuti chitsime chinali mbali iti, khola la mbuzi linali pati.

Pa tsamba lomaliza penti yauma, agogo abwerera m'chithunzi chawo chakuda ndi choyera, aima chilili monga poyamba. Tinangosiya gaga pang'ono pa chitenje chawo, ndipo m'mawu sitinatchulepo kanthu. Titawerenganso m'kalasi muja, mnyamata uja ndiye anayamba kuloza ndi chala.